Zolemba za ntchito: kuphunzitsa oimba kwaya kamangidwe ka sonata ndi K. 545 ya Mozart

Kumayambiriro kwa Meyi

Ntchito yomwe ndayamba ndi yophunzitsa kagulu ka achinyamata a kwaya yathu kumva kamangidwe ka sonata ndi makutu awo. Onse amawerenga solofa bwinobwino, angapo amaimba kiyibodi pa mapemphero, koma manoti a pamizere isanu amawawerenga mochita kukwawa. Cholinga n'choti pofika kumapeto, munthu akamva chigawo choyamba cha sonata kapena simfone, yomwe ndi nyimbo ya gulu lalikulu la zoimbira, ya nthawi ya Haydn, Mozart ndi Beethoven, azitha kunena pomwe nyimbo yafika osayang'ana pepala. Komanso aliyense adzalembe kanyimbo kake kakafupi m'kamangidwe komweko.

Nyimbo yophunzirira ndasankha sonata ya piyano ya Mozart ya mu C meja, yomwe nambala yake ndi K. 545. Anailemba ku Vienna mu 1788, ndipo poilowetsa m'kaundula wa nyimbo zake pa 26 Juni chaka chimenecho analemba kuti ndi ya ongoyamba kumene. Sinasindikizidwe iye ali moyo. Anamwalira mu 1791, nyimboyo n'kudzatuluka mu 1805. Chigawo chake choyamba chili ndi mabaa 73 okha, mabiti anayi pa baa iliyonse, ndipo chimayamba ndi kutha mu kiyi yomwe oimba kiyibodi athu amaidziwa kuposa ina iliyonse.

Choyamba ndinasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu. Sonata ndi nyimbo yonse, ndipo K. 545 ili ndi zigawo zitatu: chothamanga, chodekha cha mu G, ndi china chothamanga chotsekera. Kamangidwe ka sonata ndi dongosolo la chigawo chimodzi chokha, kawirikawiri choyamba, ndipo limapezekanso m'masimfone ndi m'nyimbo za zoimbira za zingwe zinayi kapena zisanu, osati m'masonata mokha. Ife tikugwira chigawo choyamba basi, cholembedwa Allegro pamwamba.

Chigawocho chimayenda m'ndime zitatu. Yoyamba, yomwe mabuku amaitcha ekisipozishoni, imatidziwitsa machuni ndi makiyi awiri. Yachiwiri, divelopumenti, imatenga tizidutswa ta zomwe tamva n'kutiyendetsa m'makiyi ena mosakhazikika. Yachitatu, rikapichuleshoni, imabweretsanso za m'ndime yoyamba, koma zitasintha pamalo amodzi ofunika kwambiri. Malo amenewo ndiwo ndikufuna kuti gulu liwapeze lokha, choncho sindinawanene.

Pakati pa Meyi

Ndayamba ndi kiyi, osati chuni. Anthu ambiri amaphunzitsidwa kuti kamangidwe ka sonata ndi nkhani ya machuni awiri, china champhamvu, china chofewa. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma ndikukana kuyambira pamenepo, chifukwa Haydn ali ndi zigawo zambiri zomwe chuni chachiwiri n'choyamba chomwecho, chongosamutsidwira mu kiyi ina. Chomwe sichisowa m'nyimbo zonsezi ndi ulendo wa kiyi: nyimbo imachoka kwawo, imakakhazikika kwina, imayendayenda, kenako imabwerera kwawo itanyamula zomwe inaimba kuchilendo kuja.

Apa solofa yatithandiza kwambiri. Oimba kwaya amadziwa kale kuti pamwamba pa nyimbo pamalembedwa kuti do ndi C kapena do ndi G, ndipo ambiri anakumanapo ndi malo omwe so amasanduka do wa kiyi yatsopano. Ndinawaimbitsa do re mi fa so mu C, kenako do re mi fe so. Kukweza fa kuti akhale fe kumachititsa khutu kumva so ngati popumulira. Pa kiyibodi, fe ameneyo ndi F shapu, batani lakuda lokhalo lomwe limasiyanitsa sikelo ya G ndi ya C. Nyimbo ya mu C ikayamba kugwiritsa F shapu mobwerezabwereza, n'kumapumira pa G, ndiye kuti yasamuka.

Tinachita zomwezo mbali inayo: kutsitsa ti kuti akhale ta, yemwe mu C ndi B fulati, kumakokera nyimbo ku F. Izi tidzazifuna kutsogoloku, ndiye ndinangozidutsa mwachangu.

Kumapeto kwa Meyi: baa 1 mpaka 12

Chuni choyamba chili ndi mabaa anayi. Dzanja lamanja limayamba ndi do wautali, mi, so, kenako limatsikira pa ti wam'munsi, do re do, n'kupuma. Yankho lake ndi la wautali, so, do wam'mwamba, so, fa mi fa mi. Gulu linachiimba ndi pakamwa popanda vuto lililonse. Dzanja lamanzere limangoyendetsa khodi mothyolathyola, do so mi so, kaimbidwe kotchedwa ndi dzina la Alberti, woimba wa ku Italy wa zaka za m'ma 1700 yemwe ankakakonda.

Kuyambira baa 5, chuni chimalekeka ndipo dzanja lamanja limayamba kuthamanga masikelo, kukwera ndi kutsika. Sikelo ya baa 5 imayambira pa la, ya baa 6 pa so, ya baa 7 pa fa, ya baa 8 pa mi. Nditafunsa kuti tafika pati, mtsikana wina wa alto anati, "Aphunzitsi, chimenechi si chuni chachiwiri chija?" Ndipo ambiri anagwirizana naye, chifukwa kamvekedwe kasinthadi. Kulakwa kumeneku n'kofala, ndipo njira yokudziwira ndi yosavuta. Ndinamupempha kuti aimbe baa 5 mpaka 8 ndi pakamwa ngati chuni choti munthu angakumbukire. Sizinatheke, ndi kuthamanga chabe. Kenako ndinafunsa ngati do wasuntha. Sanasunthe. Chinthu chatsopano chomwe chikadali mu kiyi yakale, chopanda popumira penipeni, ndi mlatho wopita ku kiyi yachiwiri.

Mlathowo umathera pa baa 12, pa khodi ya G yogundidwa mwamphamvu, kenako biti yomaliza ya baayo imakhala zii. Bata limenelo ndi chizindikiro chachikulu m'nyimbo zambiri za nthawi imeneyo: likamveka pakati pa ndime yoyamba, chuni chachiwiri chili pakhomo. Koma ndinawaimitsa pa khodi ya G ija n'kufunsa: kodi uyu ndi so kapena do? Anatsutsana. Wina anayesa kuimba do wa C pambuyo pake, ndipo anakwana bwino. Winanso anapitiriza ngati G ndiye do, ndipo nazonso zinakwana. Onse analondola, ndipo ndawauza kuti asunge baa 12 m'mutu chifukwa tidzakumana nayonso.

Kumayambiriro kwa Juni: baa 13 mpaka 28

Baa 13 ndi ya dzanja lamanzere lokha, likunjenjemera pakati pa C shapu ndi D, kenako C ndi D. Noti ya D ndi so wa G, ndiye baa imodzi yokhayi ikukonzekeretsa khutu kulandira G ngati do. Chuni chachiwiri chimalowa pa baa 14. Tikachiwerenga mu solofa ya C chimatuluka chovuta: re ti so, la ti la so, so fe fe. Tikasamutsa do kupita pa G chimakhala chophweka: so mi do, re mi re do, do ti ti. Ndinawalembera mawerengedwe onse awiri pa bolodi, ndipo palibe amene anasankha oyambawo. Umenewo ndi umboni wabwino woti kiyi yasintha: solofa yakale yayamba kulemera pakamwa, yatsopano ikupepuka.

Mnyamata wina woimba besi ndiye anaona chinthu chomwe chinandisangalatsa. Chuni choyamba chimakwera do mi so. Chachiwiri chimatsika so mi do. Ndi khodi imodzimodzi yotembenuzidwa, mu kiyi ina. Machuni awiriwa ndi apachibale, ndipo n'chifukwa chake sindinafune kuyamba ndi nkhani ya champhamvu ndi chofewa. M'nyimbo ino zonse ziwiri n'zofatsa.

Baa 18 mpaka 21 manja awiri amapatsirana makhodi othyolathyola, akutsika pang'onopang'ono. Kenako nyimbo imakwera, imafika pa kunjenjemera kwakutali pa noti ya A m'baa 25, n'kugwera pa G m'baa 26. Mu solofa ya G ameneyo ndi re wautali akugwera pa do, pamwamba pa khodi ya so ikupita ku khodi ya do. Kutseka kotereku, kadensi yathunthu, ndiko kumakhomerera kiyi yatsopano. Isanachitike, G anali malo ongofikirako. Itachitika, nyimbo yakhala pansi kumeneko. Mabaa atatu otsalawo, 26 mpaka 28, ndi kamchira kobwereza khodi ya G mokwera ndi kutsika, kawiri, kenako makhodi otsekera. Kamaoneka kachabechabe, ndipo gulu linkafuna kukadumpha. Ndakana.

Pamapeto pa baa 28 pali chizindikiro chobwereza, ndiye woimba amabwerera ku baa 1. Ndime yonseyi imatenga pafupifupi mphindi imodzi pa liwiro lomwe ambiri amaimbira. Titamvera nyimbo yojambulidwa, chuni choyamba chitangomvekanso, manja angapo anakwera kuti tafika ndime yachitatu. Ayi ndithu. Kubwereza kwa ndime yoyamba kumadza mosakhalitsa, palibe kusakhazikika kulikonse komwe kwadutsa, ndipo chuni chachiwiri chimapitanso ku G monga poyamba paja. Kubwerezaku kuli ndi ntchito yake: nthawi ya Mozart munthu ankamva nyimbo kamodzi, poimbidwa pomwepo, choncho ankafunika kumva machuni kawiri asanayambe kuduladulidwa. Oimba ena masiku ano amabwereza, ena sabwereza, ndiye womvera asadalire kuwerenga kuti chunichi chamveka kangati.

Pakati pa Juni

Tinachita kayesedwe kamodzi komwe ndikufuna kukalemba, chifukwa kanafotokoza zambiri kuposa mawu anga. Ndinapempha woimba kiyibodi wathu wamkulu, bambo wachikulire amene wakhala akuimba pa mapemphero kuyambira kale, kuti aimbe chuni choyamba mu C, ndipo akafika pa chachiwiri achiimbenso mu C, osasamuka. Anatero. Nyimbo inakoma ndithu, koma itafika pa kamchira kaja inatha yokha. Panalibe chifukwa choti china chilichonse chitsatire. Ataimbanso monga Mozart analembera, kuthera mu G, aliyense anamva kuti nyimbo yaima pabwino koma si kwawo. Iwo anati, "Apa ndiye sitinganene kuti ameni, ana inu."

Ndime yoyamba, ndiye kuti, ntchito yake ndi kusiya ngongole. Chuni chachiwiri ndi kutseka kwake kwamphamvu zaimbidwa kunja kwa kiyi yeniyeni ya nyimbo, ndipo mabaa 45 otsalawo alipo kuti zimenezo zikonzedwe.

Kumapeto kwa Juni: baa 29 mpaka 41

Ndime yachiwiri ya nyimboyi ndi yaifupi, mabaa 13, ndipo apa gulu lavutika kuposa pena paliponse. Chifukwa chake n'chomveka. Solofa imafuna do wokhazikika, pamene ndime imeneyi do wake sakhalitsa malo amodzi.

Imayamba ndi kamchira kaja. Manoti a baa 29 ndi ofanana ndi a baa 26, kusiyana kwake n'koti B watsitsidwa kukhala B fulati, ndipo G meja wasanduka G maina. Noti imodzi yokha, koma nkhope ya nyimbo imada nthawi yomweyo. Ndinaimba mabaa awiriwa motsatizana mpaka aliyense anatha kuloza noti yomwe yasintha. Apa anamvetsa chifukwa chomwe ndinakanira kudumpha kamchira. Mozart sanatenge chuni choyamba kapena chachiwiri kuti amangire ndime ino. Anatenga chidutswa chomaliza chomwe chinali chikadali m'khutu la womvera, pamodzi ndi masikelo a pa mlatho.

Zidutswa ziwirizi zimasinthana. Kamchira mu G maina kwa mabaa awiri, masikelo akupatsirana pakati pa manja kwa mabaa awiri, kamchira kachiwiri mu D maina kuyambira baa 33, masikelo kachiwiri, mpaka nyimbo ifike ku A maina cha pa baa 37. Tikaona mndandandawo, G, D, A, kiyi yatsopano iliyonse ndi so wa kiyi yomwe nyimbo yangochokamo. Kuchokera pa baa 37 kayendedwe kamatembenuka n'kufulumira. Kamchira kamasowa, kumatsala masikelo okha, ndipo khodi imasintha kawiri pa baa iliyonse, iliyonse ikugwera pa yomwe ili masitepe asanu pansi pake: A, D, G, C, F, ndi kupitirira mpaka ibwererenso ku A maina.

Poyamba ndinawalola kuyesa kulemba solofa ya ndime yonseyi, kuti aone okha malire ake. Mapepala anadzaza ndi fe, se, ta ndi kusamutsa do pafupifupi mzere uliwonse. Tsopano tasintha kachitidwe: m'ndime ino salemba noti iliyonse, amangolemba noti ya besi pa chiyambi cha khodi iliyonse, ndi kusonyeza ngati khodiyo ndi yowala, ya meja, kapena yakuda, ya maina. Zikuyenda bwino choncho. Ndipo pomvera, zizindikiro zomwe tagwirizana ndi zomwe khutu lingagwire mosavuta: zidutswa zodziwika koma zosamalizidwa, kanthu kamodzi kakubwerezedwa pamalo okwera kapena otsika, makhodi akuda ambiri, ndiponso kusowa kwa kadensi yolola munthu kupuma.

Kawirikawiri ndime yachiwiri imathera pa khodi ya so wa kiyi ya kwawo, nthawi zina kukhalapo mabaa angapo, kuti womvera alakelake do. Mu C tikanayembekezera khodi ya G. Koma pa baa 41 pakubwera khodi ya B fulati, kenako khodi ya C yonyamula B fulati pamwamba pake. Ta uja tinamuphunzira mu Meyi wafika. C sakumvekanso ngati do. Wasanduka so wa F.

Kumayambiriro kwa Julayi: baa 42

Ndinaimba kuchokera pa baa 37 mpaka 45 osanena kanthu. Chuni choyamba chitalowa, do mi so, onse anavomereza kuti tafika kwathu. Ndime yachitatu yayambadi, koma kwathu sitinafike. Baa 42 ili mu F meja.

Apa solofa, yomwe yatinyamula njira yonseyi, ndi yomwe inawanamiza. Do wake amasuntha, choncho do mi so wa F ndi do mi so wa C amamveka chimodzimodzi pakamwa. Kuti amve kusiyana, ndinagawa gulu pawiri. Ena anaimba manoti atatu oyamba a baa 1, ena a baa 42, motsatizana. A baa 42 ali masitepe anayi pamwamba. Oimba soprano anazindikira msanga chifukwa khosi limamva kukwerako. Kuyambira pamenepo ndimawauza kuti poyamba kumvera ang'ung'udze noti yoyamba ya nyimbo chamumtima, n'kumaiyerekeza nthawi iliyonse chuni choyamba chikabwera.

Ndiyenera kunena momveka kuti izi si zachizolowezi. M'nyimbo zambiri za kamangidwe kameneka chuni choyamba chimabwerera mu kiyi ya kwawo, ndipo kubwera pamodzi kwa chuni ndi kiyi ndiko kumapereka chimwemwe chachikulu cha chigawo chonse. Wina angafunse chifukwa chosankhira nyimbo yopatuka pophunzitsa ongoyamba. Ndinaisankha dala. Nyimbo yotsata chizolowezi imalola wophunzira kuganiza kuti ndime yachitatu ndi kubwereza chabe, n'kusiya kumvetsera pomwe chuni choyamba chabwera. Iyi simulola. Imamukakamiza kufunsa chomwe kwenikweni chikuyenera kubwerera ku C.

Kusankha F kuli ndi nzeru yake. Mtunda wochoka pa C kufika pa G ndi wofanana ndi wochoka pa F kufika pa C. Munthu atakopera ndime yoyamba yonse, noti ndi noti, kuyambira pa F, chuni chachiwiri chingagwere mu C chokha. Schubert anagwiritsapo njira yoyambira ndime yachitatu mu kiyi ya fa, mwachitsanzo m'simfone yake yachisanu ya 1816. Oimba kiyibodi athu anamvetsa msanga, chifukwa n'zomwe batani la `TRANSPOSE` limachita.

Pakati pa Julayi: baa 46 mpaka 73

Koma Mozart sanangokopera, ndipo gawo ili ndi lomwe ndimalikonda kwambiri m'nyimbo yonse. Ndime yoyamba ili ndi mabaa 28, yachitatu 32. Ndinawatuma kuti apeze mabaa anayi owonjezerawo poyerekeza masamba awiri. Anawapeza pa mlatho. Baa 46 mpaka 49 ndi masikelo a dzanja lamanja monga kale, ali mu F. Baa 50 mpaka 53 ndi atsopano: masikelo asamukira ku dzanja lamanzere, dzanja lamanja likungogunda makhodi, ndipo m'kati mwa mabaa amenewa B fulati amachoka, B wamba n'kubwerera. Ta wabwerera kukhala ti. Nyimbo yalowa mu C mwakachetechete, pakati pa kuthamanga kwa masikelo.

Kuchokera apo mlatho umapitirira monga unayendera poyamba, mpaka baa 57, yomwe ndi khodi ya G ndi bata, monga baa 12. Funso lomwe anatsutsana nalo mu Meyi lija, loti G ameneyu ndi so kapena do, nyimbo imaliyankha kawiri. Poyamba paja baa yotsatira inanjenjemera pa C shapu ndi D, G n'kukhala do. Tsopano baa 58 ikunjenjemera pa F shapu ndi G, kenako F wamba ndi G, ndipo G wakhala so. Chuni chachiwiri chikulowa pa baa 59 ndi so mi do wa C: manoti G, E, C, masitepe asanu pansi pa pomwe chinayambira m'baa 14.

Awa ndiwo malo omwe sindinawanene pachiyambi. Chuni chachiwiri, chomwe chinabadwira mu G, chikuimbidwa mu C. Makhodi opatsirana aja ali mu C. Kunjenjemera kwakutali kuli pa D tsopano, re wa C, ndipo kadensi yomwe inakhomerera G m'baa 26 ikukhomerera C m'baa 71. Kamchira kali mu C, ndipo baa 73 ikutseka pa khodi ya C. Mnyamata wa besi uja anafotokozera anzake m'mawu ake kuti chuni choyamba chikhoza kubwera kudzera kwina chifukwa chinaimbidwapo kale kwawo, koma chachiwiri sichinaimbidwepo kwawo, ndiye n'chomwe chili ndi mlandu. Sindinawonjezerepo kanthu.

Pa baa 73 palinso chizindikiro chobwereza, chobwezera woimba ku baa 29. Ambiri sachitsata. Chimasonyeza komwe kamangidwe kameneka kanachokera, ku nyimbo zovina za magawo awiri, lililonse lobwerezedwa: loyamba lochoka kwawo, lachiwiri lobwerera. Kugawa patatu ndi kupereka dzina la kamangidwe ka sonata kunadza pambuyo, makamaka m'zolemba za Adolf Bernhard Marx wa ku Berlin cha m'zaka za m'ma 1840, Mozart atamwalira kalekale. Ndikuona kuti n'kofunika ophunzira adziwe izi, kuti asamaganize kuti Mozart ankadzaza fomu yomwe wina anamupatsa.

Kumapeto kwa Julayi

Tayesa makutu pa nyimbo ina yomwe sanaione pa pepala: chigawo choyamba cha K. 525 ya Mozart yemweyo, ya mu 1787, ya zoimbira za zingwe, mu G meja. Iyi imatsata chizolowezi. Chuni chachiwiri chimalowa mu D patadutsa bata, ndime yachiwiri imayamba ndi chuni choyamba mu D n'kupatukira ku C, ndipo ndime yachitatu imabweretsa chuni choyamba mu G mwenimweni. Ambiri anapeza bata ndi chuni chachiwiri ulendo woyamba womvera. Chomwe chinawapunthwitsa ndi chiyambi cha ndime yachiwiri, chifukwa chimafanana ndi chiyambi cha nyimbo. Amene anang'ung'udza noti yoyamba sananamizike.

Ogasiti: kulemba zawo

Aliyense walemba kanyimbo ka mzere umodzi ndi makhodi, mu C. Muyeso womwe ndinapereka ndi mabaa anayi a chuni choyamba, awiri a mlatho othera pa khodi ya G, anayi a chuni chachiwiri mu G otseka ndi kadensi, anayi kapena asanu ndi limodzi oyendayenda, kenako zonse kubwerera mu C. Ndinawauza kuti chuni choyamba chibwerere mu C, asatsanzire baa 42.

Vuto lomwe labwera m'mapepala ambiri ndi la chuni chachiwiri chosasamuka kwenikweni. Wolemba amayambira pa G, amayenda pa mabatani oyera okhaokha, ndipo pofika baa yachinayi khutu lake lamukokera kale ku C. Poyang'ana pepala, chizindikiro chake ndi kusowa kwa F shapu, m'chuni ndi m'makhodi momwe. Mankhwala ake ndi kuika khodi ya D meja, yokhala ndi F shapu, patsogolo pa khodi yomaliza ya G. Amene anakonza zimenezi anamva okha kuti ndime yawo yoyamba yayamba kupempha yachiwiri.

Vuto lina ndi la ndime yachiwiri yodzaza chuni chatsopano chokongola, chokhala ndi chiyambi ndi mapeto ake. Oimba kwaya anazolowera vesi ndi kolasi, ndiye mtima umawatuma kulemba chinthu chathunthu. Sikuti chuni chatsopano n'choletsedwa pamenepo, akatswiri anachitapo, koma kwa ongoyamba chimapha phunziro. Ndawapatsa lamulo la kanthawi: atenge manoti atatu kapena anayi okha a zomwe alemba kale, awaimbe pa khodi ya A maina, kenako ya D maina, kenako aime pa G kwa baa yathunthu. Mtsikana wa alto uja anatenga mapeto a chuni chake chachiwiri, monga Mozart anatengera kamchira, ndipo kanyimbo kake ndi komwe kakuyenda bwino kuposa tonse.

Vuto lachitatu n'laling'ono koma la manja: chuni chachiwiri chikatsitsidwa masitepe asanu, chimalowa pomwe dzanja lamanzere likuimba makhodi, manja n'kugundana. Chikhoza kukwezedwa masitepe anayi m'malo mwake, kiyi imakhalabe C.

Zotsala ndi ziwiri. Sitinagwirepo nyimbo ya kiyi yakuda, momwe chuni chachiwiri nthawi zambiri sichipita ku so koma ku meja wapachibale, kapena tinene mu solofa, kuchoka pa la kupita pa do. Sitinagwireponso khoda yaitali, ndime yowonjezera yomwe imadza ngongole italipidwa kale. Zonse ziwiri zili m'chigawo choyamba cha simfone yachisanu ya Beethoven, yomwe inaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1808: imayamba mu C maina, chuni chachiwiri chimalowa mu E fulati meja pambuyo pa kuitana kwa malipenga, chimadzabwerera mu C meja, ndipo khoda yake ndi yaitali ngati ndime zinazo. Ndayamba kulemba solofa ya chuni chachiwiricho m'makiyi onse awiri, kuti gulu lidzachiimbe ndi pakamwa lisanamve okesitira.